Za Mphete Yokutidwa ndi Golide ndi Mkanda wa Siliva

Mwana wa mlongo wanga, amene tinamuchitira chinkhoswe m'chisanu cha chaka chatha, anafika kwathu tsiku lina la mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo. Ndipo atatha kupereka moni monga mwa mwambo, anamasula mfundo ya kansalu kamene anakabisa m'chikwama, nayala pamphasa zinthu ziwiri zimene zinamusowetsa mtendere. China chinali mphete yake ya chinkhoswe, imene inali itasiya mzere wobiriwira kuzungulira chala chake, ndipo china chinali mkanda wasiliva umene anamusiyira agogo ake, wakuda bii ngati kunsi kwa mphika. "Amalume," iye anatero, "mkandawu ndautaya mtima, unatha kalekale, koma mpheteyi ndayikwecha ndi phulusa katatu konse, ndipo m'malo moti iwale, ikungonka nifiira." Nditazitembenuza zonse ziwiri m'manja mwanga, ndinamva chisoni, pakuti ndinaona kuti mwanayo anasemphanitsa: chimene anachiyesa chakufa chinali chamoyo ndithu, ndipo chimene anali kuchisamalira ndi mphamvu zake zonse n'chimene anali kuchiononga.

Kulakwitsa kumeneku sikuchokera m'kupusa, koma m'luso lenileni la manja athu. Ife tinakula tikuona amayi athu akukwecha mapoto ndi mchenga ndi phulusa mpaka munthu n'kudziona nkhope, ndipo makolo amene ankavala zigwinjiri ndi zibangili zamkuwa ankazitsuka chimodzimodzi, nizinyezimira, chifukwa chibangili chotero chinali mkuwa kunja, mkuwa m'kati, kotero kuti wochikwecha ankangofika pa mkuwa wina watsopano. Koma zodzikongoletsera zambiri za masiku ano, zogulidwa m'misika yathu kapena zobwera nazo abale a ku Joni, sizili zofanana kunja ndi m'kati. Zili monga mkuyu wa m'mwambi uja, wokoma pamaso, koma wokhala ndi zina m'mimba mwake. Chifukwa chake munthu asanafunse kuti chinthu chake achitsuke bwanji, ayenera kuyamba wadziwa kuti chinthucho n'chiyani.

Tinatuluka nazo panja powala, ndipo ndinamuonetsa timalemba tating'ono timene osula amadinda. Pa kachitsulo kamene kali pafupi ndi pokolowekera mkanda panali nambala ya 925, kutanthauza kuti mwa magawo 1,000 a kulemera kwake, magawo 925 ndi siliva, ndipo 75 otsalawo kawirikawiri amakhala mkuwa, umene amauthiramo popeza siliva payekha ndi wofewa, sachedwa kupindika. M'kati mwa mphete munalembedwa 18K GP. Nambala ya 18 ndiyo inamunyenga mwanayo pamodzi ndi bwenzi lake, koma zilembo ziwiri zotsirizazo ndizo zinali ndi nkhani yonse, pakuti zimanena kuti golide wa makarati 18 anangokutidwa pamwamba pa chitsulo china. Mphete imene ili golide mpaka m'kati imadindidwa nambala monga 375, ndiye makarati 9, kapena 585, makarati 14, kapena 750, makarati 18, popanda GP. Zilembo za GF zimasonyeza chikuto chochindikala, chimene golide wake amakwana gawo limodzi mwa magawo 20 a kulemera kwa chinthu chonse, ndipo chotero chimapirira zaka zambiri. Komatu chidindo si lumbiro, pakuti achinyengo nawonso amadziwa kudinda. Maginito amathandizako pang'ono: golide, siliva ndi mkuwa sizikokedwa ndi maginito, choncho mkanda wonse ukadumphira pa maginito, dziwani kuti muli chitsulo wamba, koma ukapanda kudumphira, sindiye kuti ndi siliva, chifukwa ungakhale mkuwa wokutidwa.

Tsono n'koyenera kuti tiimepo pang'ono pa kupyapyala kwa chikuto cha golide, popeza amene wakumvetsa kumeneku sadzatenganso phulusa. Osula amayesa chikutochi ndi muyeso wotchedwa mayikironi, umene uli milimita imodzi yogawidwa magawo 1,000. Tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi mamayikironi 70, pamene chikuto cha zodzikongoletsera wamba chimakhala theka la mayikironi imodzi, ndipo pa zotsika mtengo zedi sichifika n'komwe pamenepo. Ndiye kuti mutasanjikiza zikuto zoposa 100, ndipo mungafike pa kunenepa kwa tsitsi limodzi. Luso lokuta chitsulo ndi golide pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi linayamba kufala m'chaka cha 1840, pamene abale a banja la Elkington a ku Birmingham, m'dziko la Mangalande, analandira chilolezo cha umwini wa njirayo. Ndipo ubwino wake ndi womwewo umene uli kufooka kwake, ndiko kuti golide wochepetsetsa amaphimba malo aakulu, kotero kuti wosauka atha kuvala chooneka ngati cha mfumu, koma chovalacho n'chopyapyala kuposa khoko la anyezi.

Golide mwiniwake sachita dzimbiri, sathimbirira, ndiponso sabiriwiritsa khungu la munthu. Chimene chinajambula mzere pa chala cha mwana wa mlongo wanga ndi mkuwa umene unali pansi pa golideyo. Thukuta lathu lili ndi mchere ndi timaasidi tochepa, ndipo likakhudza mkuwa limausungunula pang'onopang'ono, nipangika mchere wa mkuwa umene mtundu wake ndi wobiriwira, womwewo umene timauona pa waya wakale wamagetsi kapena pa mpope wamkuwa umene wakhalitsa pachinyontho. Mphete ndiyo imayamba kugonja pa zodzikongoletsera zonse, chifukwa dzanja silipuma: likugwira mtondo, chingwe cha chidebe, khasu, chitseko, ndi zovala zochapa. Nditayang'ana mphete ija ndinapeza kuti mbali ya kuchikhatho inali itaperepeseka kale, yofiira ngati dothi la katondo, pamene pamwamba, pafupi ndi kamwala, golide anali akadalipo; ndipo timizere ta phulusa tinali kuoneka poyera, titadutsa ngakhale pamene golide akanakhala miyezi ina yambiri. Nyengo nayo inathandizira, pakuti m'chilimwe thukuta silichoka m'thupi, ndipo pansi pa mphete yothina pamatsalira madzi ndi sopo zimene mphepo siingaziumitse. Ndolo ndi mikanda yokutidwa mofananamo imakhalitsa, osati chifukwa choti golide wake ndi wambiri, koma popeza siikhudzidwa ndi ntchito.

Mwanayo anali ndi mantha akuti mwina kubiriwirako ndi matenda, kapena kuti magazi ake ndi oipa, monga anamuuzira anzake. Ndinamulimbitsa mtima kuti mzere wobiriwira, wosayabwa ndi wosatupa, ndi utoto chabe wa pamwamba pa khungu, umene umachoka ndi sopo ndi madzi, kapena umazimirira wokha m'masiku owerengeka munthu akavula mphete. Koma pali vuto lina limene anthu amalisokoneza ndi limeneli, ndipo ndikufuna kuti awerengi alisiyanitse bwino. Osula ambiri amayala chitsulo chotchedwa nikelo pakati pa mkuwa ndi golide, kuti golide akhale powala ndi posalala; ndipo golide akaperepeseka, nikeloyo amakhudza khungu, limene kwa anthu ena, makamaka amene anabooledwa makutu, limamukana kotheratu. Zizindikiro zake ndi kuyabwa, kufiira kapena kuda kwa khungu, totupa ting'onoting'ono, nthawi zina timatuza totuluka madzi pa boo la khutu kapena pakhosi pamene pamagona pokolowekera mkanda. Thupi likayamba kukana nikelo, kawirikawiri limakana mpaka kalekale, ndipo mankhwala ake oyamba ndi kuvula chinthucho osachivalanso; khutu likatupa, likatentha, kapena likatulutsa mafinya, munthu apite kuchipatala, asalimbikire kuti ndolozo anazigula ndi ndalama zambiri.

Tsono tinatembenukira ku mkanda, umene nthenda yake ndi ina ndithu. Siliva sadyedwa ndi dzimbiri monga khasu losiyidwa pamvula. Chimene chimamudetsa ndi sulufule, amene amapezeka mochepa kwambiri mumpweya, ndiye mwini fungo la dzira lovunda. Ndipo akakumana ndi siliva amapanga kansalu kopyapyala pamwamba pake, kamene kamayamba ndi mtundu wachikasu, kenaka kofiirira, nthawi zina konyezimira ngati khosi la njiwa, ndipo potsiriza kakuda. Pansi pa kansaluko siliva yense amakhala ali bwinobwino. Sulufule ameneyu ali m'zinthu zambiri za pakhomo zimene sitiziganizira: m'mazira, mu anyezi ndi adyo, mu utsi wa malasha, mu ubweya wa nkhosa wa majuzi ndi mabulangete, m'mankhwala ena opotera tsitsi, m'sopo ndi mafuta a sulufule ochizira ziphuphu ndi mphere, ndipo koposa zonse mu mphira. Nditamufunsa kumene mkandawo unkakhala, anandiuza kuti unali m'kaenivulopu komangidwa ndi kamphira, m'kati mwa sutikesi ya mabulangete, pa zaka zinayi. Ndipo sindinafunenso umboni wina, pakuti chinyontho cha dzinja chimafulumizitsa ntchito ya sulufule, ndipo madzinja anayi anali atadutsa pamenepo.

Pomwepo ndinapempha mayi a kunyumba kuti atereke madzi, ndipo tinachita motere. Choyamba tinatsuka mkandawo m'madzi ofunda a sopo wotsukira mbale, kuti mafuta a thupi ndi fumbi zichoke, popeza mafuta amatchinga mankhwala kuti asafike pa chitsulo. Kenaka tinatenga mbale yadothi yakuya, tinayalamo pepala la aluminiyamu, lija amakutira nalo nyama yootcha, ndi kuikapo mkandawo motambasula, kuti mbali zambiri zikhudze pepalalo, pakuti popanda kukhudzana ntchitoyi siichitika. Tinathiramo soda wophikira, yemweyu wa therere, supuni yaikulu imodzi pa kapu iliyonse ya madzi, ndipo popeza madzi ofunika kumiza mkandawo anali makapu awiri, soda anali masupuni awiri. Titathira madzi ongophulidwa kumene pamoto, munachita thovu, ndipo posakhalitsa kanamveka kafungo ka dzira lovunda, chimene chili chizindikiro chakuti sulufule akuchoka pa siliva, chifukwa chake n'kwabwino kuchitira ntchitoyi pakhonde. Patapita mphindi zisanu tinautembenuza ndi kamtengo, ndipo mwanayo anagwira pakamwa poona kuti kuda kuja kwasanduka chikasu, pamene pepala la aluminiyamu lathimbirira. Madzi atazizira tinawataya, tinayala pepala latsopano, n'kubwereza kachiwiri, popeza kuda kwa zaka zinayi sikutha ndi ulendo umodzi. Ndipo titatsukuluza ndi madzi oyera, tinaupukuta ndi nsalu yofewa ya thonje mpaka unauma gwa, ngakhale m'timfundo take.

Chinsinsi cha njirayi n'chakuti aluminiyamu amalanda sulufule mwamphamvu kuposa siliva, ndipo madzi a soda amakhala ngati mlatho pakati pa zitsulo ziwirizi, kotero kuti siliva amene anagwidwa m'kansalu kakuda kaja amamasulidwa, natsala pamalo pake. Apa ndi pamene njirayi imaposera kukwecha, pakuti wokwecha amachotsa kuda pamodzi ndi siliva, pamene iyi imachotsa sulufule yekha. Mkanda umatuluka woyera koma wosanyezimira kwenikweni, ndipo kunyezimira kumabwera ndi kupukuta modekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma njirayi ili ndi malire ake, amene ndikanalakwa kuwabisa. Chodzikongoletsera chimene chili ndi ngale, kapena miyala yofewa, kapena timiyala tongomatidwa ndi guluu, chisalowe m'madzi otentha, chifukwa guluu amasungunuka ndipo ngale imataya kuwala kwake kosabwereranso. Ziliponso mphete ndi zibangili zimene wosula anazidetsa dala m'mizere ya maluwa ake kuti zojambulazo zioneke, ndipo soda sadziwa kusiyanitsa kuda kwa dala ndi kuda kwa ngozi. Zotere zingopukutidwa pamwamba ndi kansalu kopukutira siliva. Ndiponso tisasokoneze soda wophikira ndi soda woyabwa wopangira sopo, amene amadya aluminiyamu ndi kutentha manja. Za jiki ndinene mwamphamvu: amadetsa siliva m'kanthawi kochepa, nasiya mabala ovuta kuchotsa, ndipo amafooketsa ngakhale mphete zagolide weniweni wosakaniza ndi zitsulo zina, choncho mayi aliyense avule mphete asanaviike dzanja m'beseni la jiki. Mankhwala otsukira mano, amene ambiri amawatama, ali ndi timchenga tosaoneka, ndipo ngakhale amayeretsa siliva msanga, amasiya timikwingwirima timene timachititsa khungu chitsulocho.

Ataona zimene zinachitikira mkanda, mwanayo anatola mphete yake ndi chiyembekezo, nati, "Nanga iyi, Amalume, tiiponyemo?" Ndinamukaniza, ndipo kunali kovuta kumuuza chifukwa chake, pakuti mphete ya chinkhoswe siiyesedwa ndi mtengo wake wokha. Soda amachotsa chimene chabwera pamwamba, koma sangabweze chimene chachoka. Ndipo pa mphete yake palibe chinabwera, koma golide ndiye anapita, madzi akatayika saoleka. Chinthu chokutidwa ndi golide chilibe njira yochiyeretsera yoposa iyi: madzi ofunda pang'ono, dontho limodzi la sopo wotsukira mbale, mphindi ziwiri kapena zitatu, kuchisisita ndi nsonga za zala, kuchitsukuluza, ndi kuchiumitsa pochigunditsagunditsa nsalu yofewa m'malo mochikhula. Ngakhale kansalu kogula kopukutira siliva sikayenera pano, chifukwa kali ndi mankhwala operepesa, amene pa siliva amachotsa zochepa zosadandaulitsa, koma pa chikuto cha theka la mayikironi amachotsa gawo lalikulu la chuma chonse.

Motero chisamaliro chenicheni cha zokutidwa chili m'kavalidwe. Zivalidwe potsiriza, munthu atatha kusamba, kudzola, ndi kudzithira mafuta onunkhira, zonsezo zitauma pakhungu. Ndipo zivulidwe poyamba munthu akangofika pakhomo, asanayambe kuchapa, kukanda ufa wa mandasi, kutsuka mbale kapena kupita kudimba. Asagone nazo, asasambe nazo, ndipo madzulo alionse azipukute mopepuka kuti thukuta la tsikulo lisagonepo. Pali chinanso chimene alongo athu ayenera kuchidziwa: mafuta ena oyeretsa khungu ogulitsidwa mobisa ali ndi mekyuli, amene amalowerera mu golide namuyeretsa mbuu, ndipo ngati atero ndi golide, kuli bwanji ndi impso za wodzolayo! Pamene mkuwa wayamba kale kuonekera m'kati mwa mphete, munthu atha kupakamo kyutekisi wosaoneka mtundu, kumusiya aume bwino, kuti akhale mpanda pakati pa chitsulo ndi khungu. Koma mpandawu umasupuka pakapita sabata imodzi kapena ziwiri, nufunika kuukonzanso, ndipo kwa amene thupi lawo limakana nikelo sungadaliridwe.

Njira yokhayo yobwezeretsa golide ndi kupita nacho chinthucho kwa wosula wa zida zoyenera, amene amachisalaza, nachitsuka, nachiviika m'mankhwala a golide ndi magetsi. Iyi si ntchito ya pakhomo, popeza mankhwala ambiri a ntchitoyi ndi poizoni woopsa. Ndipo maganizo anga ndi akuti ndolo za mtengo wochepa sizoyenera ulendo umenewo, pakuti malipiro a wosula angapose mtengo wa zatsopano. Koma mphete ya pangano ndi nkhani ina, ndipo wopita nayo afunse kuti chikuto chatsopano chidzakhala mamayikironi angati, napemphe awiri ndi theka kapena kuposapo, osati kungonyika kwa kanthawi. Ndikadafunsidwa chinkhoswe chisanachitike, ndikadalangiza mnyamatayo kuti, ndi ndalama zomwezo, agule mphete yasiliva wa 925, yosadzionetsera, imene ikada imayeretsedwa ndi soda wa therere, ndipo ikakalamba imakhalabe siliva. N'zoona kuti mkuwa wochepa umene uli mu siliva wotere umadetsako chala cha anthu ena a thukuta lambiri, koma n'zosafanana ndi mphete imene thupi lake lonse ndi mkuwa.

Kasungidwe n'kosavuta, ndipo n'kofanana pa mitundu yonse iwiri. Chilichonse chikhale chouma, m'kathumba kakekake ka pulasitiki kotseka pakamwa, mpweya utafinyidwamo, kuti sulufule asapeze polowera ndiponso kuti zinthu zisakandane. M'kathumbamo muikidwe kaphukusi kaja ka timibulu toyamwa chinyontho kamene kamabwera m'bokosi la nsapato zatsopano, kapena kachidutswa ka choko cha kusukulu. Kamphira, nyuzipepala, ubweya ndi chipinda chosambira zikhale kutali. Siliva yekha ali ndi khalidwe lokondweretsa lakuti amakonda kuvalidwa, popeza kukhudzana ndi chovala tsiku ndi tsiku kumachotsa kuthimbirira kusanakhwime, pamene golide wokuta amatha ndi kukhudzana komweko.

Mwana wa mlongo wanga ananyamuka dzuwa litapendeka, mkanda wa agogo ake uli m'khosi, ukuwala pa bulauzi yake. Mphete tinaitsuka ndi madzi ofunda, tinaipaka kyutekisi m'kati, ndipo tinagwirizana kuti aziivala popita kutchalitchi ndi kumaukwati kokha, kufikira iye ndi bwenzi lake atapeza ndalama zokaikutitsanso. Pamene anabweranso pa Khirisimasi, anandionetsa chala chake, ndipo mzere wobiriwira uja panalibe.